Kalata yosiya ntchito: mutchule chifukwa kapena mungotsanzika?

Munthu akafika poganiza zosiya ntchito, pakhosi pamakhala patadzaza mawu. Alipo amene wakhala akumeza malovu zaka zambiri ndipo akuona kuti kalata iyi ndi mpata wake womaliza wouza abwana zimene zili kumtima. Aliponso wina amene amaopa kwambiri kusiyana ndi anthu moipa, moti amalemba mothokoza ngakhale kuti akuchoka misozi ili m'maso. Ndinagwirapo ntchito zaka zingapo mu ofesi yosunga mafayilo a antchito, komwe makalata otere amafikira, ndipo ndaona anthu a mitundu iwiri yonseyi akudzipweteka ndi cholembera chawo chomwe.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kalata yosiya ntchito sikhala ya abwana amene mwawalembera. Iwo amaiwerenga kamodzi, n'kulembapo kuti aiona, basi yapita. Ikatero imabooledwa, n'kulowa m'fayilo yanu, ndipo imakhala pamwamba pa mapepala onse chifukwa ndiyo yomaliza. Patapita zaka zitatu, kampani ina ikaimba foni kufunsa za inu, amene adzatsegule fayiloyo mwina ndi munthu amene sanakuonenipo n'komwe, ndipo pepala loyamba kuliona ndi lomwelo. Mukadzapita ku leba kapena ku khothi, pepala loyamba limene olemba ntchito adzatulutse ndi lomwelonso. Choncho musamalembe mukuganiza za nkhope ya abwana anu. Muziganiza za mlendo amene adzaiwerenge inu kulibe.

Choyamba: dzifunseni funso limodzi lokha

Musanagwire cholembera, yankhani ichi moona mtima: kodi pali ndalama kapena mlandu umene udzadalire chifukwa chimene ndikuchokera?

Ngati mukuchoka chifukwa mwapeza malipiro abwino kwina, mukupita kusukulu, mukutsatira banja ku Mzuzu, mukufuna kuyamba geni yanu, kapena mwangotopa ndi nkhope zomwezo, yankho ndi lakuti ayi. Palibe tambala imene idzawonjezeke kapena kuchepa chifukwa choti mwafotokoza. Lamulo la Ntchito la 2000 limafuna kuti amene akuthetsa mgwirizano apereke notisi yolemba, koma silikakamiza wantchito kunena chifukwa chimene akuchokera. Amene lamulo limamufunsa chifukwa chomveka ndi wolemba ntchito pamene akuchotsa munthu. Zikakhala choncho, kalata yanu ikhale yaifupi.

Koma ngati mukuchoka chifukwa olemba ntchito akuchitani zinthu zoti munthu wina aliyense sangapitirize nazo, monga kusakulipirani miyezi ingapo, kukudulani malipiro popanda kukambirana, kukutsitsani udindo popanda mlandu, kapena kunyalanyaza dandaulo lanu loti wamkulu wina akukuvutitsani kuti mugone naye, yankho ndi lakuti inde. Apa chifukwa chanu ndi ndalama, ndipo kuchibisa n'kudzibera nokha.

Anthu ambiri amene ndinkawaona ali m'gulu loyamba, koma amalemba ngati ali m'gulu lachiwiri. Ochepa amene ali m'gulu lachiwiri ndiwo amalemba mwaulemu wopyola muyezo ngati ali m'gulu loyamba. Zimakhala ngati anasinthanitsa makalata panjira.

Chachiwiri: yang'anani notisi yanu musanaganize za mawu

Tsegulani kontirakiti yanu kapena kabuku ka malamulo a pantchito panu muone notisi imene munagwirizana. Gawo 29 la lamulo lija limaika malire a m'munsi: wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi. Wolandira pasabata amene sanakwanitse zaka ziwiri apereke sabata imodzi, ndipo imakwera mpaka mwezi wathunthu akafika zaka zisanu. Makontirakiti ena, makamaka a maudindo akuluakulu, amanena miyezi itatu, ndipo mukasaina zimenezo ndizo zimakumangani. Mukachoka osapereka notisi pamene inafunika, gawo 30 limati mulipire olemba ntchito ndalama zofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo, pokhapokha iwo eni atanena kuti asiya.

Ndayamba ndi notisi chifukwa imalumikizana ndi nkhani ya chifukwa. Munthu amene akupereka notisi yonse safunika kudzifotokoza. Amene akufuna kuchoka lero lomwe osalipira kanthu ayenera kukhala ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chiyenera kuoneka papepala.

Chachitatu: ngati palibe mlandu, lembani ziganizo zinayi

Kalata yaifupi ili ndi ntchito zinayi zokha: kunena kuti mukusiya udindo wakuti, kutchula tsiku lomaliza, kulonjeza kupereka bwino ntchito ndi katundu wa kampani, ndi kupempha zimene ndi zanu. Kaya mulemba m'Chingerezi monga maofesi ambiri amafunira kapena m'Chichewa, mafupa ake ndi awa:

Okondedwa bwana, ndikukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya ukalaliki wa zowerengera ndalama. Potsatira notisi ya mwezi umodzi imene ili m'kontirakiti yanga, kuwerengera kuyambira lero pa 30 Juni, tsiku langa lomaliza lidzakhala 31 Julayi. Pa nthawiyi ndipereka mabuku, makiyi ndi ntchito zonse zimene zili m'manja mwanga kwa amene mungamusankhe. Ndikupempha kuti mundikonzere malipiro anga otsala, ndalama za masiku a tchuthi amene sindinapite, ndi setifiketi yosonyeza kuti ndinagwira ntchito pano.

Mutha kuwonjezapo chiganizo chimodzi chothokoza ngati mtima wanu ukuvomera. Chimodzi. Akulu anati pochoka usamatseke ndi mwala, uzitseka ndi mayani, ndipo kalata yotere ndi mayani amene: yatseka, koma mutha kudzatsegulanso.

Anthu amafunsa kuti, "Nanga sizioneka zamwano kusanena kumene ndikupita?" Ayi. Ulemu umachitika pakamwa, pamene mwagogoda pa ofesi ya abwana musanapereke kalatayo, n'kuwauza nokha kuti asamve kwa amesenjala. Pamenepo mutha kunena zambiri kapena zochepa monga mwaonera munthuyo. Koma dzina la kampani imene mukupitako lisalowe m'kalata. Dziko lathu ndi laling'ono, mabwana amadziwana, amapemphera limodzi ndipo amakumana m'maukwati. Foni imodzi yokha ya munthu wokhumudwa ingathe kuziziritsa ntchito imene simunaiyambe n'komwe. Ndipo musapereke kalata yosiya ntchito musanagwire m'manja kalata yokulembani kwinako. Lonjezo la pakamwa si fodya wa pamphuno.

Palinso chinthu china chimene kufotokoza kumabweretsa: kumapatsa abwana chogwirira. Mukalemba kuti mukuchoka chifukwa malipiro ndi ochepa, adzakuitanani n'kukuwonjezerani kangachepe, ndipo mudzasowa chonena chifukwa chifukwa chanu achichotsa. Mukalemba kuti ulendo wa ku Ndirande kupita ku Limbe ukukutherani ndalama, adzati tikupatsani ya thiransipoti. Ngati mukufunadi kukambirana malipiro, pemphani msonkhano wa malipiro. Musagwiritse ntchito kalata yosiya ntchito ngati chowopsezera, chifukwa ikangolandiridwa, kuibweza kumadalira chifundo cha olemba ntchito. Ndinaonapo mnyamata wina amene ankayembekezera kuti amunyengerera, koma anangomuyankha mizere iwiri yomufunira zabwino.

Nanga madandaulo ang'onoang'ono amene ndi oona ndithu, monga manijala wokonda kukalipa, kukondera pokweza anthu, kompyuta yakale imene mwakhala mukuidandaula chaka chonse? Amenewa sapambana mlandu, koma akalembedwa amasanduka chithunzi chanu chomaliza. Ngati kampani ili ndi mwambo wocheza ndi munthu amene akuchoka, kanenereni kumeneko, modekha, mukudziwa kuti nazonso zimalembedwa. Ngati ilibe, auzeni anzanu kunyumba.

Chachinayi: zifukwa za pakatikati

Pali zifukwa zina zimene si mlandu koma zingakuthandizeni mukazitchula m'chiganizo chimodzi. Ngati mukupempha kuti akudulireni notisi, mwachitsanzo sukulu ikutsegulidwa pakatha masabata awiri, muyenera kunena, chifukwa mukupempha chifundo ndipo munthu sakhululuka chinthu chimene sakuchidziwa. Mukatero onetsetsani kuti yankho lawo lovomera lalembedwa, apo ayi mudzapeza atakudulani malipiro a masabata awiri otsalawo. Ngati mukuyembekezera kudzabwereranso, kunena kuti mukupita kusukulu kapena mukutsatira banja kumasiya fayilo yanu ili yoyera.

Matenda ndi nkhani ina. Musathamangire kusiya ntchito chifukwa mwadwala musanafunse za masiku a tchuthi cha odwala ndi malamulo a penshoni okhudza kupuma pa zifukwa za umoyo, chifukwa njira imeneyo ndi yosiyana ndi kungorizaina. Ndipo ngati mwasankhabe kuchoka, dzina la matenda lisalowe m'kalata. Fayilo imadutsa m'manja ambiri kuposa mmene mukuganizira. Ine ndinali mmodzi wa manja amenewo.

Chachisanu: ngati akukuthamangitsani mochenjera, chifukwa chilembedwe

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene pamatayika ndalama zenizeni.

Gawo 60 la Lamulo la Ntchito limati wantchito ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano popanda notisi, kapena ndi notisi yochepa, ngati khalidwe la wolemba ntchito lafika poti sikungakhale kwanzeru kuyembekezera kuti munthuyo apitirize. Gawo 58 limawerengera kuchoka kotereku ngati kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Ndiye kuti ngakhale kalata mwalemba ndinu, pamaso pa lamulo akuchotsani ndi iwo. Koma pali mbedza yake: gawo 61 limati pa nkhani yotere, udindo woonetsa chifukwa uli pa wantchito. Pa mlandu wamba wochotsedwa ntchito, abwana ndi amene amatuluka thukuta kufotokoza. Apa thukuta ndi lanu.

Mlamu wanga anagwira ntchito yoyang'anira nyumba yosungira katundu pa kampani ina yogulitsa zinthu mopikulitsa kwa zaka 7 zathunthu, ndipo ankalandira K520,000 pamwezi. Kutabwera manijala watsopano, malipiro a Malichi ndi Epulo sanabwere pamene anzake ena analandira. Mu Meyi anamupatsa kapepala koti kuyambira tsopano azikagwira ntchito yowerenga makatoni pageti, ndipo malipiro ake atsika kufika pa K300,000. Panalibe mlandu, panalibe kumuitana kuti adzifotokozere. Iye analemba kalata yodandaula pa 12 Meyi, nalembanso ina pa 2 Juni. Zonse ziwiri sanayankhidwe.

Tsiku lina madzulo anafika kwathu ndi makalata awiri m'thumba la jekete, nati, "Alamu, tandisankhireni. Iyi ndalemba ndekha usiku, iyi andilembera anzanga a kutchalitchi."

Yoyamba inali masamba atatu. Inayambira pa tsiku limene analowa ntchito, inadutsa pa maliro a bambo ake pamene kampani sinatumize ngakhale galimoto, inatchula manijala kuti ndi wakuba komanso wa mtima wa mfiti, inanenanso za msungichuma amene akuti ali pachibwenzi ndi dalaivala. Nkhani ya malipiro inali pa tsamba lachitatu, m'munsi. Yachiwiri inali yosalala ngati batala: ndikusiya ntchito pa zifukwa za ine mwini, ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha chisamaliro chimene mwandionetsa zaka zonsezi, Mulungu adalitse kampani.

Ndinamuuza kuti, "Alamu, zonse ziwiri n'zokuphani, koma yachiwiriyi ndiyo ikupheni mwakachetechete."

Tiyeni tione chimene chinali pangozi. Kuyambira pamene lamulo linasinthidwa mu 2010, ndalama ya sevaransi imaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena yakumana ndi mavuto a zachuma, kapenanso akachotsedwa mopanda chilungamo. Wongosiya yekha ntchito salandira. Kawerengedwe kake n'kakuti pa zaka zisanu zoyambirira mumalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, ndipo kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, masabata atatu pa chaka. Malipiro a K520,000 pamwezi ndi pafupifupi K120,000 pasabata, mukachulukitsa ndi miyezi 12 n'kugawa ndi masabata 52. Zaka 7 za mlamu wanga zikupereka masabata 10 kuphatikiza 6, onse pamodzi 16, ndiye kuti K1,920,000. Kuwonjezera apo, gawo 63 limati chipukutamisozi cha munthu amene wagwira zaka zoposa zisanu koma zosapitirira khumi chisachepere malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Amenewo ndi masabata 14, K1,680,000. Zonse pamodzi ndi K3,600,000, osawerengera malipiro a miyezi iwiri imene sanalandire, amene ndi ake ngakhale atachoka mwa njira iliyonse.

Ndalama zimenezi sizibwera chifukwa choti mwalemba kalata yabwino. Zimabwera pokhapokha olemba ntchito atavomera pokambirana kapena khothi litagamula kuti munakankhidwadi. Koma taganizirani loya wa kampani ataimirira, kalata yachiwiri ija ili m'manja, n'kufunsa kuti, "Bambo, dzanja ili ndi lanu? Tatiwerengereni pamene mwalemba za chisamaliro." Munthu angathe kufotokoza kuti analemba chifukwa cha mantha kapena ulemu, ndipo maumboni ena angamuthandize, koma wayamba mlandu wake akutsutsana ndi pepala lake lomwe.

Kalata yoyamba inali ndi matenda ena. Kutchula munthu kuti wakuba popanda umboni, papepala limene anthu ena adzawerenga, kungakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri. Kunena za mfiti n'koopsa kuposa pamenepo, chifukwa lamulo la dziko lino limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Komanso kalata yosakaniza madandaulo khumi imapatsa mbali inayo mwayi wonena kuti munthuyu anachoka chifukwa cha chidani chakale cha pamaliro, osati chifukwa cha malipiro. Madandaulo ofooka amamiza dandaulo lamphamvu.

Ndiye tinakhala pansi n'kulemba yachitatu, ndipo njira yake ndi imene ndikukulangizani. Yambani ndi kulemba papepala lapadera zonse zimene zakupwetekani. Kenako chongani zokhazo zimene zili ndi tsiku, chiwerengero kapena pepala loikira umboni, ndiponso zimene zikuphwanya chinthu chimene munagwirizana. Zotsalazo zisiyeni. Pa zimene mwachongazo, lembani chimene chinachitika, liti, ndi chimene inu munachita pofuna kuti chikonzedwe. Musalembe chimene mukuganiza kuti chili mumtima mwa munthu. "Malipiro anga a Epulo sanaperekedwe" ndi chinthu chimene sitetimenti ya ku banki ingachitire umboni. "Amandida chifukwa ndine wa chigawo china" mwina n'zoona, koma ngati mulibe chogwirika, m'kalata musaikemo. Kakambeni ndi mlangizi wa zamalamulo kaye.

Kalata yake inatuluka motere:

Okondedwa bwana, ndikukudziwitsani kuti ndikuthetsa mgwirizano wanga wa ntchito kuyambira lero pa 16 Juni, motsatira gawo 60 la Lamulo la Ntchito. Sindikuchoka mwa kufuna kwanga. Malipiro anga a Malichi ndi Epulo, okwana K1,040,000, sanaperekedwe mpaka lero. Pa 5 Meyi ndinachotsedwa pa udindo wanga woyang'anira nyumba ya katundu ndipo malipiro anga anatsitsidwa kuchoka pa K520,000 kufika pa K300,000 popanda kundifunsa kapena kundiuza mlandu. Ndinadandaula m'makalata a pa 12 Meyi ndi pa 2 Juni, amene makope ake ndaphatikiza pano, koma sindinayankhidwe. Chifukwa cha zimenezi sindingathe kupitiriza ntchito. Ndikupempha malipiro anga onse otsala, ndalama za tchuthi ndi setifiketi yanga, ndipo ndikusunga ufulu wanga wonse wa m'malamulo. Makiyi ndi mabuku a katundu ndiwapereka lero kwa amene mungamutchule, atasainira.

Mlamu wanga ataiwerenga anati, "Koma alamu, ikuoneka yozizira. Sakumva kuwawa kwanga." Ndinamuyankha kuti amene tikumulembera si manijala uja, ndi ofisala wa leba amene ali ndi mafayilo ambirimbiri pa tebulo ndipo akufuna kumvetsa nkhani asanamalize tsamba limodzi.

Onani zimene mulibe m'kalatamo. Mulibe kuthokoza, chifukwa kukanatsutsana ndi zina zonse. Mulibenso chipongwe. Mulibe dzina la munthu, muli zochitika zokha. Ndipo mulibe mawu onena za ntchito ina. Ngati mwapeza kale kwina kogwira, zimenezo si tchimo, munthu ayenera kudya, koma mukazilemba m'kalata yotere mwawapatsa chonena chakuti munachoka chifukwa cha msipu wobiriwira.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani mlandu wanu musanauponye

Si kuwawidwa mtima kulikonse kumene kumafika pa muyezo wa gawo 60, ndipo apa anthu amadzinamiza. Kusamutsidwa kupita ku nthambi ina pamene kontirakiti imalola, kupatsidwa chenjezo pa cholakwa chimene munachitadi, kapena kukhala ndi bwana wosaseka, zimenezi kawirikawiri sizikwana. Mukatchula gawo 60, n'kuchoka popanda notisi, kenako n'kulephera kuonetsa umboni, mwataya ntchito, simulandira sevaransi, ndipo akhoza kukufunsani ndalama ya mwezi wa notisi.

Zinthu zitatu zingakuuzeni ngati mwaima pouma. Kodi chimene akuchitirani chikukhudza mtima wa mgwirizano, monga malipiro, udindo, chitetezo cha thupi lanu kapena ulemu wanu monga munthu? Kodi munadandaula molemba n'kuwapatsa mpata wokonza? Ndipo kodi mukuchoka nkhaniyo idakali yotentha? Munthu amene anadulidwa malipiro chaka chatha, nakhala chete akulandira ochepawo miyezi khumi ndi iwiri, adzavutika kufotokoza chifukwa chake lero zafika posapiririka, popeza kukhala chete kwake kungawerengedwe ngati kuvomera. Ngati limodzi mwa mafunsowa likukupatsani chikaiko, musalembe kaye kalata yosiya ntchito. Lembani yodandaula, ndipo pitani mukafunse ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, kwa a bungwe la antchito ngati ndinu membala, kapena kwa loya. Kufunsa mudakali pantchito kuli ndi phindu kuposa kufunsa mutachoka.

Chenjezo lina ndi la anthu amene amaitanidwa mu ofesi n'kuuzidwa kuti, "Lembani nokha kalata yosiya ntchito kuti mbiri yanu isaipe, apo ayi tikuchotsani." Nthawi zina pepala limakhala atalitayipa kale, langotsala siginecha. Musasaine pompo. Nenani mwaulemu kuti mukufuna tsiku limodzi kapena awiri kuti muganize, ndipo mukafika kunyumba lembani zimene zanenedwa, nthawi yake ndi amene analipo. Ngati pali mlandu weniweni umene akukuganizirani ndipo mwasankha kuchoka, kalata yanu ikhale yaifupi ija ya ziganizo zinayi. Musapepesemo, musafotokozemo za ndalama zimene zinasowa. Kusiya ntchito sikufafaniza mlandu wa kupolisi, ndipo chiganizo chopepesa chimawerengedwa ngati kuvomera.

Kwa abale amene ali ku Joni, nkhani ya chifukwa ndi yolemera mofananamo koma nthawi ndi yochepa. Kumeneko wosiya yekha ntchito salandira ndalama za UIF za anthu osowa ntchito pokhapokha zitatsimikizika kuti anakakamizika kuchoka, ndipo dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika ku CCMA, bungwe la kumeneko loyanjanitsa mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30.

Chachisanu ndi chiwiri: igoneni, kenako iperekeni ndi umboni

Kalata iliyonse, yaifupi kapena ya chifukwa, igone usiku umodzi. M'mawa iwerengeni mokweza ngati mukuwerengera munthu wachilendo. Chiganizo chilichonse chimene chikukukomerani kwambiri pochiwerenga, chimene mukuona kuti apa ndawalasa, n'chimene muyenera kuchotsa. Onaninso kuti zimene mwalemba zikugwirizana ndi zimene mukunena kwina. Sizithandiza kulemba kalata yodekha kenako n'kutukwana pa gulu la WhatsApp la kuntchito, kapena kulemba kuti mwakakamizika kuchoka kenako n'kulengeza pa Facebook kuti Mulungu wakutsegulirani khomo lalikulu. Zithunzi za mauthenga zimafika pa tebulo la abwana tsiku lomwelo.

Musanapereke, tengani makope a zinthu zanu: kontirakiti, mapepala a malipiro, makalata amene munalemba ndi amene anakulemberani. Zanu zokha, osati zinsinsi za kampani kapena mndandanda wa makasitomala. Mukangopereka kalata, imelo ya kuntchito ikhoza kutsekedwa ola lomwelo.

Sindikizani makope awiri. Imodzi asunge, inayo akudindireni chidindo, alembepo tsiku ndi kusaina, mubwerere nayo. Tsiku limeneli ndi lofunika pa zinthu zingapo. Notisi imawerengedwa kuyambira pamene ailandira. Gawo 53 limati malipiro ndi zina zonse zimene muyenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Ndipo gawo 62 limakupatsani miyezi itatu yokha kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule kwa ofisala wa leba wa m'boma, amene akalephera kukuyanjanitsani nkhaniyo imatha kupita ku khothi la milandu ya zantchito. Pa setifiketi ija, dziwani kuti gawo 31 limati chifukwa chochokera ndi ndemanga za kagwiridwe kanu ka ntchito zilembedwepo pokhapokha inu mutapempha. Ngati simukufuna kuti olemba ntchito a mtsogolo aone nkhani yonseyi, musapemphe.

Mlamu wanga atapita ndi makope ake awiri, mayi wa pa ofesi yolandirira alendo anaiwerenga mpaka pa mawu akuti gawo 60, nabweza chidindo m'dirowa, nati, "Bambo, iyi ine sindingasaine, dikirani abwana." Abwana sanatuluke mpaka nthawi ya nkhomaliro. Iye anachita zimene tinapangana: anasiya kope imodzi pa tebulo pamaso pa mnzake wa kuntchito amene anavomera kukhala mboni, analemba pa kope yakeyo nthawi ndi mawu akuti akana kusaina, najambula kalatayo n'kuitumiza pa imelo ya kampani kuchokera pa imelo yake ya iye mwini asanatuluke pageti. Makiyi anawapereka kwa mkulu wa alonda, amene analemba m'buku lake la zochitika n'kusainira. M'mawa mwake, nthawi ya 8 koloko, anali pa benchi ya ku leba ndi envulopu ya khaki ili pamiyendo.